Malangizo a kasankhidwe ka zomatira za silikoni ndi poliyuretheni

Malangizo awa alembedwera ogula zomatira muno mu Mzuzu, makamaka amene amabwera kuchokera ku Lundazi ndi ku Chipata, kuti asalakwitse posankha, popeza machubu a mitundu iwiriyi amafanana maonekedwe koma ntchito zake n'zosiyana. Musanagule, dziwani kaye chinthu chimene mukufuna kumata, ndiponso ngati pamalopo mudzapakapo penti, chifukwa penti sagwira pa silikoni ngakhale pang'ono, pomwe pa poliyuretheni amagwira bwino ikauma.

M'bafa, pamene matailosi akumana ndi sinki kapena beseni losambiramo, gwiritsani ntchito silikoni ya m'bafa, imene ili ndi mankhwala oletsa nkhungu. Chotsani zomatira zakale zonse ndi mpeni, pukutani ndi sipiriti, ndipo dikirani kuti paume, pakuti zatsopano zikaikidwa pamwamba pa zotsalira zakale zimamatuka msanga. Ngati ndi beseni lalikulu, lidzazeni madzi musanamate kuti mpata utseguke monga mmene umachitira munthu akalowamo, ndipo musachotse madziwo kapena kusambiramo kufikira patapita maola 24.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi padenga la malata. Silikoni ilipo ya mitundu iwiri. Ina ikamauma imatulutsa asidi wonunkha ngati viniga, ndipo iyi ndiyo yotsika mtengo, yoyenera pa galasi ndi pa matailosi osalala. Inayo ilibe asidi, fungo lake ndi lochepa, ndipo ndiyo yokhayo yoyenera pa malata. Asidi uja amadya zinki wokuta lata, choncho pakapita nthawi mumaona dzimbiri m'mbali mwa pamene munamata, kenaka zomatirazo zimasendeka ndipo bowo limakhala lalikulu kuposa kale. Asidiyu sagwirizananso ndi simenti kapena konkire. Ngati chubu chatsegulidwa kale, fungo lokha likuuzani, ndipo mukamva viniga musakwere nacho padenga.

Denga likamadontha pa msomali, musangounjika zomatira pamutu pake. Zulani msomaliwo, palani dzimbiri ndi sandipepa, pukutani fumbi, ikani silikoni yopanda asidi pang'ono mozungulira bowo, ndipo mangani ndi sikuluwu yokulirapo yokhala ndi kamphira pansi pa mutu wake. Bowo lolowa chala kapena lata lofumbwa ndi dzimbiri sizimatidwa ndi chubu ayi, zimafuna chigamba cha lata kapena kusintha lata lonse. Ngati pamalopo panapakidwa phula kale, silikoni ndi poliyuretheni zonse sizigwirapo. Ntchitoyi ichitike lata lili louma, ndipo kwa ife a ku Mzuzu, kumene mvula imachedwa kutha ndipo mame ndi chifunga zimanyowetsa denga m'mawa, ndi bwino kudikira kuti dzuwa likwere kaye.

Pa mawindo muyenera kusiyanitsa malo awiri. Pakati pa galasi ndi felemu ya aluminiyamu ikani silikoni yopanda asidi, chifukwa imapirira dzuwa zaka zambiri. Pakati pa felemu ndi khoma la pulasitala, pamene padzapakidwa penti, ikani poliyuretheni, imene imagwira kwambiri pa simenti, njerwa ndi matabwa. Khomalo likhale louma, pakuti chinyezi chochuluka chimachititsa timathovu m'kati mwake. Musapukute kapena kusalaza poliyuretheni yaiwisi ndi sipiriti, chifukwa imalepheretsa kuuma kwake.

Tiyerekeze kuti windo lanu ndi la mita 1.2 m'litali ndi mita 1.2 m'lifupi, ndipo mpata wozungulira ndi wa mamilimita 6 kukula ndi mamilimita 6 kuya. Kuzungulira konse ndi mamita 4.8. Mita imodzi ya mpata wotere imadya mamililita 36, choncho windo lonse lifuna mamililita pafupifupi 173. Chubu cha mamililita 300 chikwana windo limodzi n'kutsalako, koma sichikwana awiri, ndiye pa mawindo atatu gulani machubu awiri. Mpata ukakhala wakuya kwambiri, yambani mwalowetsamo kachingwe ka siponji kuti zomatira zigwire mbali ziwiri zokha, pakuti zikagwiranso pansi zimang'ambika felemu ikamafutukuka ndi kutentha.

Dulani kamwa la chubu mopendeketsa molingana ndi kukula kwa mpata, matani tepi m'mbali zonse ziwiri, finyani mosadukiza, salazani kamodzi, ndipo chotsani tepiyo zomatira zisanayambe kuuma pamwamba, zimene pa silikoni zimatenga mphindi 10 kapena 20 zokha. M'kati zimauma pang'onopang'ono, mamilimita awiri kapena atatu pa tsiku, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi zimachedwerapo, choncho musafulumire kupaka penti pa poliyuretheni. Valani magolovesi, tsegulani mawindo pogwira ntchito m'nyumba, ndipo onani tsiku lothera mphamvu pa chubu musanalipire, chifukwa silikoni yokhalitsa imatha kukhala yonata osauma konse.