Mpata womwe Afalansa amasiya asanalembe mfunsiro, ndi momwe mungaulembere mu imelo

Mukalandira imelo kuchokera kwa mwini nyumba ku Lyon kapena kwa abwana ku Paris, mudzaona kuti mfunsiro sugundana ndi liwu lomaliza. Pamakhala kampata. Kwa ife amene tinaphunzira kulemba Chichewa ndi Chingelezi kusukulu za kwathu, izi zimaoneka ngati chala chinaterereka pa kiyibodi. Ayi, ndi lamulo la kalembedwe ka Chifalansa, ndipo munthu wa ku Falansa akawerenga imelo yopanda mipatayi amazindikira msanga kuti yalembedwa ndi mlendo, ngakhale mawu onse atakhala olondola.

Lamulolo ndi lalifupi. Chizindikiro chilichonse chokhala ndi zigawo ziwiri chimafuna mpata kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Zizindikirozo ndi zinayi: koloni (:), semikoloni (;), mfunsiro (?) ndi mfuuliro (!). Yang'anani bwino mudzaona kuti chilichonse chili ndi tizidutswa tiwiri, monga mfunsiro uli ndi kangowe pamwamba ndi kadontho pansi. Mpumiro ndi mpatuliro zili ndi kachidutswa kamodzi basi, motero zimamatirira ku liwu monga timachitira m'Chichewa, mpata n'kubwera pambuyo pake. Mitengero ya Chifalansa, ija yooneka ngati timivi tiwiri, « ndi », yomwe pa kompyuta mudzaiona ikutchedwa `guillemets`, imafuna mpata mkati mwake: pambuyo pa wotsekula ndi patsogolo pa wotseka.

Anthu ambiri amaima pomwepa, n'kuyamba kungodina batani lalitali la mpata asanalembe mfunsiro. Apa ndi pomwe pamabwera vuto. Mpata wamba umauza pulogalamu kuti ikhoza kudula mzere pamalo amenewo. Inu mwalemba imelo pa laputopu, zonse zikuoneka bwino. Woilandira akuiwerenga pa foni, pomwe mizere ndi yaifupi, ndipo mfunsiro wagwera wokha kumayambiriro kwa mzere wotsatira. Kapena « watsala kumapeto kwa mzere, mawu ake ali pansi. Simungadziwiretu pomwe mzere udzadukire chifukwa zimatengera kukula kwa sikirini ya mnzanuyo. N'chifukwa chake mpata wofunika pano ndi wamtundu wina, wosaduka, womwe Afalansa amautcha `espace insécable`. M'maso umaoneka ngati mpata wina uliwonse, koma umamanga liwu ndi chizindikiro ngati ng'ombe ziwiri pa goli: kukasowa malo, zimatsikira limodzi mzere wapansi.

Tiyeni titenge nkhani yomwe aliyense wochita lendi ku Falansa amakumana nayo. Mwatuluka m'nyumba, mwabweza makiyi, koma ndalama ya chikole sinabwere. Malamulo a kumeneko amapatsa mwini nyumba mwezi umodzi ngati pepala loyendera nyumba potuluka likufanana ndi la polowa, kapena miyezi iwiri ngati pali kusiyana. Mukufuna kuwakumbutsa amayi eni nyumbawo mawu omwe analemba okha. Dzanja lozolowera Chingelezi lingalembe motere:

```
Objet: dépôt de garantie
Vous m'avez écrit le 3 mars: "Le virement partira cette semaine".
Je n'ai rien reçu; pouvez-vous me confirmer la date?
```

Nayi imelo yomweyo italembedwa Chifalansa chenicheni. Ndaika kachizindikiro ° paliponse pomwe pali mpata wosaduka kuti muuone. Inu musalembe °. Umu ndi momwe Word imauonetsera mukadina batani la ¶, pomwe mpata wamba imauonetsa ngati kadontho kapakati.

```
Objet°: dépôt de garantie

Madame,

Vous m'avez écrit le 3 mars°: «°Le virement partira cette semaine.°»
Je n'ai rien reçu°; pouvez-vous me confirmer la date°?
L'état des lieux de sortie porte la mention «°bon état°».
Montant attendu°: 650°€.
```

Pambuyo pa `Madame` pali mpatuliro womatirira, wopanda mpata kumanzere kwake. Koloni aliyense ali ndi mpata wosaduka kumanzere kwake ndi mpata wamba kumanja kwake. Ndalama nayo, `650 €`, chizindikiro chimabwera pambuyo pa nambala ndipo mpata wake ndi wosaduka, kuti 650 isatsale pamwamba yuro ili pansi. Chimodzimodzi ndi `50 %`.

Tsopano yang'anani pomwe mpumiro wakhala m'mitengero iwiriyo, chifukwa si malo amodzi. M'mitengero yoyamba mwabwereza chiganizo chathunthu cha amayiwo, choyamba ndi lemba lalikulu pambuyo pa koloni. Mpumiro ndi wawo, ndiye ukhala mkati, » asanatseke, ndipo simuwonjezeranso wina kunja. Pomwe pali `bon état` mwangotola mawu awiri m'pepala n'kuwalowetsa m'chiganizo chanu. Chiganizocho ndi chanu, mpumironso ndi wanu, ukhala kunja ndipo umamatirira ku » popanda mpata. Mfunsiro umatsata nzeru yomweyi: ngati anafunsa ndi iwo, ulowe mkati, ngati mukufunsa ndinu za mawu awo, ukhale kunja ndi mpata wake. Mukafuna kubwereza mawu ena mkati mwa mawu obwereza kale, ambiri amagwiritsa ntchito mitengero ya Chingelezi “ ” mkatimo, ndipo iyi ilibe mipata.

Chenjezo limodzi pa mitengero, poti limatha kuyambanitsa anthu. Musaike liwu m'mitengero pofuna kulitsindika. Mukalembera abwana kuti mwalandira `votre « contrat »`, iwo amva kuti mukunyoza, mukunena kuti chimene akupatsanicho si kontilakiti yeniyeni. Ikani m'mitengero mawu okhawo amene wina ananena kapena analemba, kapena dzina la fomu ndi batani lomwe mukufuna munthu alipeze.

Nanga mpatawo timaulemba bwanji? Zimatengera pomwe mukulembera. Mu Word, komanso mu Outlook yakale yoikidwa pa kompyuta ya Windows, yomwe imagwiritsa ntchito makina olembera a Word, ntchito yambiri imachitika yokha ngati chilankhulo cha zolembazo mwachiika pa `Français (France)`. Mukalemba mfunsiro, mpata wosaduka umalowa wokha, mukadina ", pamatuluka « ndi mpata wake. Mukaona kuti sizikuchitika, chifukwa chake nthawi zambiri ndi chakuti laputopu yomwe munabwera nayo kuchokera ku Lilongwe kapena ku Joni ikuonabe ngati mukulemba Chingelezi. Sankhani zolemba zonse, sinthani chilankhulo, koma dziwani kuti zomwe munalemba kale sizikonzeka zokha. Muyenera kufufuta zizindikirozo n'kuzilembanso.

Mu Gmail ya pa burawuza palibe chokuthandizani, mumalemba nokha:

```
Windows:  Alt+0160 (mpata wosaduka)   Alt+0171 «   Alt+0187 »
Word:     Ctrl+Shift+Space
Mac:      Option+Space
Mac (US): Option+\ «   Option+Shift+\ »
```

Manambala a `Alt` amagwira pokhapokha mukawalemba pa mabatani a manambala a kudzanja lamanja, `Num Lock` itayaka. Malaputopu ang'onoang'ono ambiri alibe mabataniwa, ndipo manambala a mzere wapamwamba sagwira. Zikatero, njira yosavuta ndi kulemba uthenga mu Word kapena LibreOffice n'kuukopera mu imelo, kapena kusunga kafayilo kokhala ndi «  » yokonzeka kale kuti muzikopera. Pa foni, kaya iPhone kaya kiyibodi ya Gboard ya pa Android, dinani " osachotsa chala, mudzaona « ndi » pakati pa zosankha. Mpata wosaduka pa foni ndi wovuta kuupeza, ndiye imelo yofunika kwambiri, monga yofunsira ntchito, ndi bwino kuilembera pa kompyuta. Musadabwe kuona Afalansa enieni akulemba ndi " m'maimelo a tsiku ndi tsiku: kiyibodi yawo yakale ya AZERTY pa Windows ilibe batani la « », ndipo muyezo watsopano wa kiyibodi womwe unaziikamo, wochokera ku AFNOR, bungwe la miyezo la ku Falansa, unatuluka mu 2019, koma sunafike pa madesiki ambiri. Chomwe kawirikawiri saiwala, ngakhale pa WhatsApp, ndi mpata wa pa ? ndi !.

Kuti mudziwe ngati mipata yanu ndi yosadukadi, chepetsani zenera lomwe mukulemberamo pang'onopang'ono, mukuyang'ana kumayambiriro kwa mizere. Mukaona koloni kapena » yayamba mzere, pamenepo pali mpata wamba. Kudzitumizira nokha imeloyo n'kuitsekula pa foni kumathandizanso.

Osindikiza mabuku amasiyanitsanso mipata iwiri. Malinga ndi malamulo a Imprimerie nationale, nyumba yosindikiza ya boma la Falansa, koloni amatenga mpata wathunthu wosaduka (`U+00A0`), pomwe ; ! ? zimatenga woonda (`U+202F`). Mu imelo ine sindivutika nazo. Mpata woondawo m'mapulogalamu ena akale umaoneka ngati kabokosi, ndipo palibe mwini nyumba amene adzayeza kukula kwa mpata wanu. Wathunthu uja ndi wokwanira paliponse.

Pali malo omwe lamuloli siligwira, ndipo kulitsatira mwakhungu kumawononga. Mu adiresi ya pa intaneti, `https://` ilibe mpata. Mukauika, linki yafa. Ngati mwalemba nthawi ngati `14:30`, musaike mpata, ngakhale kuti Chifalansa cholembedwa bwino chimati `14 h 30`. Ndipo mukalembera mnzanu wa ku ofesi yomweyo m'Chingelezi, kapena achibale kumudzi m'Chichewa, bwererani ku kalembedwe kathu, mfunsiro umatirire ku liwu. Word ikakhala pa Chifalansa imapitiriza kulowetsa mipata ngakhale mwasintha chilankhulo m'mutu mwanu.

Zonsezi ndi za ku Falansa, ndipo ku Belgium mukazitsata simulakwa. Kwa amene muli ku Montreal zinthu zasiyana pang'ono. Malangizo a Office québécois de la langue française, bungwe loyang'anira Chifalansa ku Quebec, amasunga mpata wosaduka pa koloni ndi mkati mwa « », koma pa ; ! ? amati muike woonda, kapena musaike konse ngati woondawo palibe. Motero funso la m'imelo ija ku Quebec lingathe ndi `la date?` osalakwa, pomwe `Objet :` ikhala chimodzimodzi. Ku Geneva ndi Lausanne mudzaona kawirikawiri mipata yoonda kwambiri kapena yosakhalapo, ngakhale mkati mwa mitengero, monga `«bon état»`. Mukakhala kumeneko, tsekulani imelo yomaliza yochokera ku kampani kapena ofesi yomwe mukuilembera, muone momwe aikira koloni, mfunsiro ndi mitengero, ndipo muyankhe ndi kalembedwe komweko kuyambira pa mutu wa imelo mpaka pa dzina lanu.