Nkhani ya m'nyuzipepala yakale: muziyamba kuona timizere, kuwerenga pambuyo

Ku Thyolo ndi ku Mulanje kuno mabanja ambiri ali ndi kachidutswa ka nyuzipepala komwe agogo anasunga m'Baibulo kapena pansi pa sutikesi, mwina nkhani ya esiteti ya tiyi kapena ya napolo wa ku Phalombe wa 1991. Chinyezi cha chiperoni chimawononga mapepala otere msanga, choncho anthu amawajambula pa foni n'kutumizirana. Kenaka wowerenga amadandaula kuti nkhaniyo sikumveka.

Kawirikawiri wasokonezeka ndi wowerengayo. Nyuzipepala saiwerenga chopingasa ngati kalata. Mawu ake amaikidwa m'mizati yopapatiza, ndipo mumatsika mzati wakumanzere mpaka pansi musanapite pamwamba pa wotsatira. Pepala likasuluka, kamzere kolekanitsa mizati kamafufutika, maso n'kulumphira mzati woyandikana. Ndiye musanawerenge, funani kanjira koyera ka pakati pa mizati, muwerenge kuti mizati ilipo ingati. Onaninso mutu wa nkhani: mizati yokhayo imene ili pansi pa mutuwo ndiyo ya nkhaniyo.

Tiyerekeze chidutswa cha mizati itatu, chithunzi chili pamwamba pa mzati wachiwiri ndi wachitatu. Mzati woyamba wathera pa mawu oduka akuti "ana-". Musathamangire timawu ta pansi penipeni pa chithunzi, timeneto tikungofotokoza chithunzicho. Funani mzere umene ukuyamba ndi chidutswa chomaliza mawuwo, monga "nyamuka". Zikalumikizana kukhala "ananyamuka" ndipo chiganizo chikumveka, mwalondola. Zikakana, mwina nkhaniyo inapitirira pa tsamba lina lomwe agogo sanadule.

Pojambula, yalani pepalalo pakhonde pamthunzi, pamwamba pa nsalu yakuda. Pepala la nyuzipepala ndi lopyapyala, ndipo nsalu yakudayo imabisa zilembo zakuseri zomwe zimaonekera n'kusokoneza. Zimitsani fulashi, foni ikhale yopenya pansi mowongoka. Jambulani kaye chidutswa chonse, kenaka mzati uliwonse paokha, zithunzi zizilowana ndi mizere iwiri kapena itatu kuti mudziwe polumikiza.

Samalani kwambiri popinda, pamene inki imayamba kuthothoka. Apo e amaoneka ngati c, rn ngati m, 8 ngati 3, ndipo 1958 akhoza kusanduka 1953. Yerekezani chilembo chokayikitsacho ndi chinzake pamalo osawonongeka a mzati womwewo. Ndalama nazonso zimathandiza: kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, choncho nkhani yotchula mitengo m'mapaundi ndi mashiling'i ya kuno kwathu ndi yakale kuposa pamenepo. Dzina loti Nyasaland limalozanso nthawi ya ufulu wa 1964 usanafike, pokhapokha ngati wolemba akukumbutsa zakale.

Pamene njenjete kapena chiswe chadya, chonde musadzazepo mawu a m'mutu mwanu. Pokopera m'kope siyani mpata, mulembe kuti pasowa zilembo pafupifupi zingati, maka pa dzina la munthu. Pong'ambika musamate selotepi, imasiya banga lachikasu losachoka.