Momwe mungapekere nyimbo yokumbukira njira ya mpweya, kuyambira pa tirakiya mpaka pa aluviyolayi

Ana a sekondale amafunsidwa mayina anayi okha: tirakiya, bulonkasi, bulonkiyolu ndi aluviyolayi. Amenewo safuna nyimbo. Amene amavutika ndi ophunzira unesi kuno ku Chipata, chifukwa iwo amafunika mayina 10 motsatana. Nyimboyi ndi yawo.

Yambani ndi kulemba mndandanda pa bolodi kuchokera m'buku lenileni: tirakiya, meni bulonkasi, lobala, segimentala, bulonkiyolu, teminolo, resipiretori, dakiti, saki, aluviyolayi. Ndati buku lenileni chifukwa timanotsi tafotokope timene anyamata amagulitsa mayeso akayandikira n'totchipa ndithu, koma kena kamene ndinaona kanadumpha segimentala yense, ndipo chithunzi chinali chakuda bii.

Kenaka pekani mzere umodzi pa dzina lililonse, mawu omaliza a zigawo ziwiri za mzerewo azimveka mofanana. Yathu ndi iyi:

Tirakiya watsika, pa karina wagawika,
Wagawika pawiri, meni bulonkasi awiri,
Meni wabala lobala, asanu ngati zala,
Lobala wabala segimentala, khumi kumanja osaiwala,
Segimentala wasowa, bulonkiyolu walowa,
Bulonkiyolu pa ngolo, wakatula kwa teminolo,
Teminolo ndi malire, resipiretori alandire,
Resipiretori pa njira, dakiti amudikira,
Dakiti wapeza thumba, saki ndiye nyumba,
Saki wadzaza aluviyolayi, kupitirira apa iyayi!

Onetsetsani kuti mzere uliwonse ukuyamba ndi dzina kapena mawu a mu mzere wapitawo. Apa mpamene panatigwetsa. Nyimbo yoyamba imene gulu lathu linkaimba inali ndi dzina limodzi pa mzere, mzere uliwonse woima pawokha. Inkakoma, koma mizere yotero munthu angathe kuisinthanitsa khutu osamva cholakwika. Tsiku la mayeso oyeserera ambiri analemba resipiretori patsogolo, teminolo pambuyo, ndipo ukawafunsa ankakuimbira molimba mtima momwemo.

Kusinthanitsa awiriwa si nkhani yaing'ono, chifukwa pakati pawo ndi pamene pali malire enieni. Kuchokera pa tirakiya kufika pa teminolo, njira imangonyamula mpweya, kuutenthetsa ndi kuusefa. Palibe okosijeni amene amalowa m'magazi. Mpweya wa pafupifupi mamililita 150 umatsala m'njira zonyamulazi, kuphatikizapo mphuno ndi kukhosi, pa kupuma kulikonse. Resipiretori ndiye woyamba kukhala ndi tialuviyolayi tochepa m'mbali mwake, ndipo kusinthana kwa mpweya ndi magazi kumayambira pomwepo. Ndiye wophunzira akaika teminolo pambuyo, wasokonezanso yankho la funso lotsatira, lakuti kusinthanako kumayambira pati. N'chifukwa chake mzere wachisanu ndi chiwiri uli ndi mawu akuti malire, ndipo tikafika pamenepo timasiya kuwomba m'manja n'kuponda pansi kamodzi mwamphamvu. Amene waponda pa mzere wina mumamumva nthawi yomweyo.

Manambala aikeni m'thupi. Pa "asanu ngati zala" kwezani zala zitatu za kumanja ndi ziwiri za kumanzere, chifukwa phapo la kumanja lili ndi zigawo zitatu, la kumanzere ziwiri, popeza mtima watengako malo. Segimentala tinangoimba a kumanja, 10, chifukwa a kumanzere mabuku amasiyana, ena 8 ena 10. Tsatirani la aphunzitsi anu. Pa mzere wachiwiri tsitsani mkono wa kumanja molunjika pansi, wa kumanzere muutambasulire kumbali: bulonkasi wa kumanja ndi wamfupi, wotakata komanso woimirira, n'chifukwa chake mwana akatsamwa ndi nshawa, kawirikawiri imagwera kumanja.

Ngati mukufuna kuti aone ndi maso, gulani mapapo a mbuzi, satenga ndalama zambiri. Uzani wogulitsa nyama m'mawa kuti asadule kholingo, apo ayi adzakupatsani zidutswa n'kukulipiritsani ngati zathunthu. Pa mbuzi mudzapeza kanjira kena kochoka pa tirakiya kupita kumanja musanafike pa karina. Munthu nthawi zambiri alibe kameneko, musasinthe nyimbo. Mukamang'amba ndi lumo kutsata njira, chichereŵechereŵe chimacheperachepera mpaka kutha; pamene chathera ndi pa bulonkiyolu. Zotsalazo n'zazing'ono, maso sangazione.

Zina n'zosavuta. Mmodzi atsogolere chigawo choyamba cha mzere, gulu liyankhe chachiwiri. Chuni tengani cha masewera a ana chimene onse akuchidziwa. Akaigwira, ayambire pakati, kenaka aimbe chobwerera kuchokera pa aluviyolayi ngati mpweya ukutuluka. Nyimboyi imadumpha tinthambi tambiri ta pakati pa segimentala ndi teminolo, popeza njira yonse imagawika pafupifupi ka 23, ndipo siphunzitsa kalembedwe ka mayinawa m'Chingerezi. Akamaliza kuimba, aliyense alembe mndandanda, muchonge ndi buku.