Ndinasiya kuyang'ana chindapusa chokha

Ndimagwira ntchito ku Joni, ndipo mwezi uliwonse ndimatumizira amayi ku Area 25 marandi 2,000. Ndinkasankha njira yolemba kuti chindapusa ndi chochepa, koma amayi ankadandaula kuti ndalama sizikukwanira ufa ndi lendi.

Vuto linali pa mtengo wosinthira. Kampani ina imatenga kachindapusa kochepa, kenako n'kukupatsa makwacha ochepa pa randi iliyonse. Pamenepo m'pamene amadyera. Tsopano ndisanatumize ndimatsegula maapu otumizira ndalama a Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa nthawi imodzi, ndimalemba 2,000 ponseponse, n'kuyerekeza zinthu ziwiri basi: zonse zimene ndilipire kuno, ndi makwacha amene afike m'manja mwa amayi. Ndimachita zimenezi mwezi uliwonse chifukwa mitengo imasinthasintha.

China chinali kutapa. Ndalama zikalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, pokatapa kwa ejenti amadulanso chindapusa china. Ndinawauza kuti, "Amayi, musamatape zonse. Magetsi ndi madzi muzilipira pafoni pomwepo, mutape za kumsika zokha."

Ndinasiyanso kutumiza pang'onopang'ono sabata iliyonse. Ndimatumiza kamodzi ndikalandira malipiro, ndipo zotsalazo zimagulira amayi makala.