Ambulansi ndi minibasi pamsewu wa M1: kusankha + ndi − pa samu ya Doppler

Mukaima m'mbali mwa msewu wa M1 ambulansi ikuchokera ku Kanengo kulowera m'tauni, mawu a sailini yake amamveka okwera ikamabwera, ndipo ikangokudutsani amagwa. Dalaivala sanasinthe kanthu, iye m'galimotomo akumva mawu amodzimodzi. Christian Doppler ndiye adafotokoza zimenezi mu 1842, ndipo mu 1845 Buys Ballot adaziyesa ku Netherlands pokweza oimba malipenga pasitima ya pamtunda. Fomula yake ndi yaifupi:

```
f' = f × (v ± vL) / (v ∓ vS)
```

Apa f ndi firikwensi ya sailini, kapena kuti mafunde amene ikutulutsa pa sekondi imodzi, owerengedwa mu Hz. f' ndi imene khutu likulandira, v ndi liwiro la phokoso mumpweya, vL ndi liwiro la womva, pomwe vS ndi la sailini. Ambiri fomulayi amailoweza bwinobwino, koma amagwa posankha zizindikiro, makamaka onse awiri akamayenda.

Yambani ndi kujambula. Lembani mzere, ikanipo madontho awiri, S wa sailini ndi L wa womva, aliyense ndi muvi wosonyeza kumene akulowera. Kenaka sinthani liwiro likhale mamita pa sekondi pogawa makilomita pa ola ndi 3.6. Titenge sailini ya 800 Hz pa ambulansi yothamanga makilomita 72 pa ola, amene ndi mamita 20 pa sekondi, ndi munthu wokhala m'minibasi yoyenda makilomita 36 pa ola, amene ndi mamita 10 pa sekondi. Liwiro la phokoso tiliyese mamita 340 pa sekondi. Limasinthako ndi kutentha: pa madigiri 20 limakhala 343, ndipo masana a Okutobala muno mu Lilongwe, pa madigiri 30, limafika cha m'ma 349. Ngati funso lakupatsani nambala yake, tsatani yomweyo.

Malo a aliyense sasintha. Womva amakhala pamwamba pa mzere wogawira, sailini pansi. Womva akamapita kumene mafunde akuchokera amakumana nawo ambiri pa sekondi, ndiye liwiro lake limawonjezera pa liwiro limene mafundewo akumufikira. Sailini yoyenda imachita zina: imathamangira mafunde ake omwe, kotero amapanikizana kutsogolo kwake ndi kutalikirana kumbuyo.

Tsopano funsani aliyense payekha, ngati kuti mnzakeyo waima phee pamene ali: muvi wake ukuloza kwa mnzake kapena kumbali ina? Woloza kwa mnzake amakweza f', wofulatira amaitsitsa. Pamwamba, kukweza ndi kuwonjezera, choncho womva wopita kwa sailini amatenga +. Pansi zimatembenuka, chifukwa kuti yankho likule, nambala yogawira iyenera kuchepa, choncho sailini yopita kwa womva imatenga −. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, poganiza kuti kuyandikira ndi + paliponse.

Minibasi ikupita ku Kanengo, ambulansi ikubwera kutsogolo kwake. Mivi yonse ikulozana:

```
f' = 800 × (340 + 10) / (340 − 20) = 875 Hz
```

Akaphonyana, aliyense wafulatira mnzake, ndiye zizindikiro zonse zimatembenuka:

```
f' = 800 × (340 − 10) / (340 + 20) ≈ 733 Hz
```

Kuchoka pa 875 kufika pa 733 ndi kugwa kumene khutu lililonse limakumva, ngakhale la munthu amene samu adaisiya ku sitandade 8.

Chovuta chenicheni chili pamene onse akulowera mbali imodzi. Minibasi ikupita m'tauni, ambulansi ili kumbuyo ikuithamangira. Mpata pakati pawo ukuchepa, ndipo wophunzira wofulumira amati akuyandikirana, nalemba + pamwamba ndi − pansi, napezanso 875. Walakwa. Yang'anani mivi: wa ambulansi ukuloza kwa minibasi, ndiye pansi ndi −, koma wa minibasi ukuthawa ambulansi, ndiye pamwambanso ndi −.

```
f' = 800 × (340 − 10) / (340 − 20) = 825 Hz
```

Mawu akwerabe, popeza ambulansi ndiyo ili ndi liwiro lalikulu, koma akwera ndi 25 Hz yokha. Ambulansi ikapitirira, imasanduka yothawa ndipo minibasi ndiyo ikutsatira, choncho zonse ziwiri zimakhala +. Mukachulukitsa 800 ndi 350 n'kugawa ndi 360 mupeza pafupifupi 778 Hz. Palibe galimoto imene yakhota kapena kusintha liwiro, chasintha ndi amene ali kutsogolo. N'chifukwa chake chithunzi chimayenera kujambulidwanso akangodutsana.

Musanalembe yankho lomaliza, liyeseni. Ngati mpata ukuchepa, f' ipose 800. Ngati ukukula, ichepere 800. Mayeso amenewa amagwira wosokoneza pansi, koma samugwira wa 875 uja, chifukwa nayenso wapeza nambala yoposa 800. Iyeyo amagwidwa ndi mayeso achiwiri: yerekezani kuti minibasi yothamangitsidwayo nayo ikuyenda mamita 20 pa sekondi. Mpata sukusintha, ndiye f' iyenera kukhala 800 ndendende. Zizindikiro zolondola zimapereka 320 pamwamba ndi 320 pansi, zomwe zimafafanizana. Zolakwika zimapereka 360 kugawa ndi 320, n'kutulutsa 900 Hz kwa anthu amene akuyendera limodzi.

Ena amafuna chidule chophatikiza maliwiro awiri aja. Pamagalimoto okumana amati 20 ndi 10 ndi 30, n'kuika 30 yonse pansi, zomwe zimapereka 877, kapena pamwamba, zomwe zimapereka 871. Zonsezi zili pafupi ndi 875, ndiye zimanyenga, koma n'zolakwika, ndipo kusiyanaku kumakula liwiro likamakwera. Phokoso limayenda mumpweya, kotero liwiro la aliyense limayezedwa poyerekeza ndi mpweyawo, osati ndi mnzake. Fomulayi ikutenga mpweya ngati wodekha. Kukakhala mphepo yowomba kuchokera kwa sailini kupita kwa womva, liwiro lake muliwonjezere pa v pamwamba ndi pansi pomwe. Koma yankho likatuluka lodabwitsa ngati 1,122 Hz, musavutike ndi zizindikiro, mwangoika 72 ndi 36 osagawa ndi 3.6.

Pamsewu weniweni pali zina zofunika kuzidziwa. Ambulansi ikamabwera pa liwiro losasintha molunjika kwa inu, f' siikwera pang'onopang'ono ayi. Kwa munthu woima imakhala pa 850 Hz mpaka itafika, kenaka 756 Hz. Chimene chimakula ndi mphamvu ya phokoso, ndipo khutu limasokoneza ziwirizi. Sailini zenizeni nazo zimakwera ndi kutsika zokha, choncho 800 Hz yathuyi ndi mawu amodzi amene tawasankha pa kulira konseko. Ndipo popeza palibe amene amaima pakati pa msewu, liwiro lowerengedwa ndi gawo lokhalo limene likuloza kwa womva, `vS × cos θ`, pomwe θ ndi ngodya ya pakati pa kumene ambulansi ikulowera ndi kumene kuli womvayo. Ili kutali, ngodyayo ndi yaing'ono ndipo fomula ija imagwira bwino. Ikafika pambali panu penipeni, ngodya ndi madigiri 90, cos imakhala 0, ndipo phokoso lotuluka pamenepo limakufikani pa 800 Hz. Wogulitsa nthochi m'mphepete mwenimweni mwa tala amamva kugwa kwadzidzidzi, pomwe amene ali pakhonde la golosale mamita 50 kuchokera pamsewu amamva mawu akutsetsereka pang'onopang'ono.