Kujambula usiku magetsi atazimidwa

"Zesiko ikazimitsa magetsi kuno ku Chawama, zithunzi za ana zikumatuluka zakuda kapena zachimbuuzi. Nditani?"

Pukutani kaye galasi la kamera, ndipo pezani poika foni monga tebulo kapena khoma.

1. Yatsani kandulo kapena tochi, kuwala kugwe pankhope za anawo, kusachokere kumbuyo kwawo. Fulashi izimitseni.

2. Mukamera sankhani Night. Pa mafoni ena pamangooneka kamwezi.

3. Gwirani pankhope pasikirini kuti kamera ilunjike pomwepo.

4. Dinani, mudikire mpaka kabwalo kowerengera kathe, kawirikawiri masekondi 2 mpaka 5. Ambiri amalakwitsa apa potsitsa foni msanga. Nthawi imeneyo foni imajambula zithunzi zambiri motsatizana, n'kuzisanja kuti zigwirizane, kenako n'kuziphatikiza. Timadontho tonga mchenga timene timaoneka pazithunzi zojambulidwa mumdima timagwera malo osiyanasiyana pachithunzi chilichonse, choncho pophatikiza timafafanizika, koma nkhope imatsala. Zithunzi 4 zimachepetsa timadonthoto ndi theka, 16 zimasiya gawo limodzi mwa magawo 4.

5. Kulitsani chithunzicho muone. Ngati zonse zili zachimbuuzi, foni ndiyo inagwedezeka. Ngati khoma likuoneka bwino koma dzanja la mwana lafufutika, mwanayo ndiye anasuntha. Muuzeni akhazikike, kapena onjezani nyali kuti masekondiwo achepe.