Mmene mungawerengere ndalama za kulikulu pofufuza ngati nthambi yatsopano idzapindula

Kampani ikamafuna kutsegula nthambi, pamatuluka mapepala awiri. Loyamba ndi la amene akufuna nthambiyo, losonyeza ndalama zimene zidzalowe ndi kutuluka chaka ndi chaka. Lachiwiri limachokera kwa akauntanti wa kulikulu, ndipo limakhala ndi mzere umodzi: gawo la ndalama zoyendetsera likulu limene nthambiyo iyenera kusenza. Mzere umenewu ndi umene ndikufuna tiwuone, chifukwa ndinaonapo ukugonetsa pulojekiti yabwinobwino m'kabati kwa nthawi yaitali.

Titenge chitsanzo, ziwerengero zake ndazizungulitsa kuti masamu asavute. Kampani ya zipangizo zomangira ili ndi likulu ku Limbe ndi mashopu atatu amene amagulitsa katundu wa K3.5 biliyoni pa chaka. Likulu limadya K240 miliyoni pa chaka: lendi, malipiro a bwana wamkulu ndi alembi, alonda, magetsi, inshuwalansi. Akufuna shopu yachinayi ku Mzuzu. Kuitsegula kudzatenga K150 miliyoni, idzagulitsa K500 miliyoni pa chaka, ndipo mukachotsa katundu, lendi ndi malipiro a ku Mzuzu komweko padzatsala K80 miliyoni pa chaka. Tiwerengera zaka zisanu, ndipo eni kampani amafuna kuti ndalama yawo izibala 25 peresenti pa chaka. Msonkho ndausiya pambali kaye.

Choyamba, funsani akauntanti mmene anapezera chiwerengero chake, musangochilandira. Pano yankho likhala lakuti anagawa molingana ndi malonda. Mzuzu ikawonjezeka malonda onse akhala K4 biliyoni, Mzuzu ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, ndiye isenze K30 miliyoni mwa K240 miliyoni ija. Akauntantiyo sanalakwe masamu. Kugawa kotere kuli ndi ntchito yake m'mabuku apamwezi ndiponso poika mitengo. Koma kumayankha funso lakuti mtolo wa likulu umene ulipo kale tigawane bwanji, pamene funso lanu ndi lakuti mu akaunti ya kampani yonse mudzatuluka zingati zimene sizikanatuluka shopuyo ikanapanda kutsegulidwa.

Onani zimene K30 miliyoni imachita. Pa 25 peresenti, kwacha imodzi yobwera chaka chilichonse kwa zaka zisanu ndi yofanana ndi K2.689 ya lero. Chotsani 30 pa 80, patsala 50. Chulukitsani ndi 2.689, mupeza pafupifupi K134.5 miliyoni, yochepa poyerekeza ndi K150 miliyoni yotsegulira. Pepala likunena kuti shopuyo itayitsa K15.5 miliyoni, ndipo bodi ikana. Ikakana, mwininyumba wa ku Limbe satsitsa lendi, bwana wamkulu sadula malipiro ake. K240 miliyoni ikhalapobe, mashopu atatu akale aisenza okha monga kale, ndipo ndalama ya ku Mzuzu imene ikanathandiza yapita.

Chachiwiri ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo m'pamene zinakhota pa pulojekiti ndanena ija. Anthu anagawanika pawiri, ena akuti ikani gawo lonse, ena akuti likulu lilipo kale ndiye ikani ziro, ndipo palibe amene anatsegula leja. Inu tsegulani. Pemphani mndandanda wa zonse zimene likulu linalipira chaka chatha, mzere ndi mzere, osati chiwonkhetso. Kenako khalani ndi mkulu wa gawo lililonse, wa malipiro, wa kugula katundu, wa makompyuta, wa magalimoto. Musamufunse kuti shopu yatsopano idzamutengera nthawi yochuluka bwanji, chifukwa aliyense adzati ali wotanganidwa kale. Mufunseni kuti: kodi mudzalemba munthu wina, mudzasaina cheke china, kapena mudzalipira ovataimu? Nthawi ya munthu amene malipiro ake sakusintha si ndalama yotuluka. Bwana wamkulu akamathera Lachisanu lililonse akuganiza za Mzuzu, malipiro ake ndi omwewo, ndiye salowa pa pepala lanu. Koma mafuta a galimoto yake ndi malo ogona akapita kukayendera shopuyo amalowa.

M'chitsanzo chathu tinene kuti mwapeza zitatu. Gawo la maakaunti silingathenso ma invoisi a mashopu anayi popanda kalaliki wina, K6 miliyoni pa chaka kuphatikizapo penshoni imene kampani imamuikira. Maulendo a oyang'anira ndi owerenga sitoko pa msewu wa M1, K4 miliyoni. Laisensi ya pulogalamu yogulitsira, K2 miliyoni. Pa laisensi apa samalani. Ogulitsa mapulogalamu ena amakuuzani pakamwa kuti nthambi yowonjezera ndi yaulere, koma m'kontirakiti mwalembedwa kuti amalipiritsa pa kompyuta iliyonse, nthawi zina m'madola, ndiye kwacha ikagwa ngati mmene inagwera mu Novembala 2023 mtengo umakwera usiku umodzi. Werengani kontirakiti, musadalire foni. Zonse pamodzi ndi K12 miliyoni, ndipo likulu lizidya K252 miliyoni. Kusiyana kwa 252 ndi 240 ndiko kokha kwa Mzuzu.

Pali njira yachidule yodzitsimikizira. Lembani bajeti ya likulu kawiri, ina muli Mzuzu, ina mulibe. Mzere uliwonse wofanana mbali zonse ziwiri ukhwatcheni. Ndipo mukapeza pulani ya bizinesi yolembedwa ndi alangizi a m'tauni aja amene amangoika 10 peresenti ya malonda kuti ndi ya kayendetsedwe ka ofesi, afunseni kuti ndalamayo idzalipidwa kwa ndani. Ambiri amangoikopera kuchokera pa pulani ya kasitomala wina.

Tsopano werengani kachiwiri. 80 kuchotsa 12 ndi 68, kuchulukitsa ndi 2.689 ndi pafupifupi K182.9 miliyoni. Chotsani 150, shopuyo ikupindulitsa K32.9 miliyoni. Amene ankati ziro akanalonjeza bodi K65 miliyoni, pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndiye nawonso akanasocheretsa anthu. Mu Excel, ikani -150 mu B2 ndi 68 kuyambira C2 mpaka G2:

```
=NPV(0.25,C2:G2)+B2
```

B2 ikhale kunja kwa mabulaketi, chifukwa NPV, fomula yosandutsa ndalama za m'tsogolo kukhala za lero, imatenga nambala yoyamba ngati yobwera pakutha pa chaka choyamba, pamene K150 miliyoni ikutuluka lero.

Zotsala ndi zazifupi. Ndalama zina za likulu zimakwera modumpha: nyumba yosungira katundu ikhoza kukwanira lero koma n'kudzaza m'chaka chachitatu chifukwa cha Mzuzu, ndiye lendi ya shedi yowonjezera iikeni kuyambira chaka chimenecho. Ngati pulojekiti idzatenga chipinda cha kulikulu chimene mukanachititsa lendi ndipo wochifuna analipo, lendi yotayikayo ilowe. Ngati chikanangokhala chotseka, isalowe. Mukabwezeretsa msonkho m'masamuwa, K12 miliyoni ija imachepetsa phindu lolipirira msonkho, pamene K30 miliyoni yogawidwa sisintha chilichonse pa msonkho wa kampani yonse.

Ngati kampani ikuganiza zotsegula Mzuzu, Kasungu ndi Karonga motsatizana, musawerenge iliyonse payokha n'kunena kuti likulu silisintha. Imodzi ikhoza kulowa popanda manijala wa chigawo, koma zitatu zidzamufuna, ndi galimoto yake yomwe. Ziwerengeni pamodzi, ndipo malipiro akewo muwaike pa pepala la mashopu atatuwo.